Chithunzi cha pashelefu: musanayankhe 'tengani awo', werengerani mtengo wa lita imodzi

Masiku ano m'mabanja ambiri wopita kukagula zinthu sapita yekha, ngakhale atachoka pakhomo ali yekha. Akafika pa shelefu ya mafuta ophikira n'kupeza mabotolo a mitundumitundu, amangotulutsa foni, kujambula, n'kutumiza kunyumba pa WhatsApp. Pansi pa chithunzi amalembapo mawu awiri: "Nditenge ati?"

Amene ali kunyumba nayenso amayankha mwachangu poti mwana akulira, pamoto pali mphika. Maso amathamangira pa nambala yaing'ono kwambiri kapena pa kapepala kofiira kosonyeza kuti mtengo watsitsidwa. "Tengani a K4,200-wo, bambo a mwana." Basi nkhani yatha, ndalama yapita.

Komatu awerengi, nambala yaing'ono pa shelefu sitanthauza kuti katunduyo ndiye wotchipa. Mabotolo aja ndi osiyana kukula, ndiye mitengo yawo siingafananizidwe momwe ilili. Kuti mudziwe wotchipa weniweni, mitengo yonse iyenera kubwera pa muyezo umodzi, ndipo pa mafuta muyezowo ndi lita imodzi. Ntchito yake ndi ya mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo lero tiichitira limodzi.

Chifukwa chake kudalira zomwe mukukumbukira sikuthandizanso

Kale mayi amatha kusunga m'mutu mtengo wa mafuta, shuga ndi sopo kwa chaka chathunthu. Koma chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'sitolo yakhala ikusinthasintha. Vuto lake n'lakuti siisintha nthawi imodzi. Botolo lina lili pa mtengo wakale poti ndi katundu wotsala, linzake langofika kumene pa mtengo watsopano. Choncho mtundu womwe unali wotchipa mwezi watha ukhoza kukhala wodula lero, ndipo chigubu chachikulu chikhoza kudula kuposa timabotolo tating'ono. N'chifukwa chake kuwerengera kuyenera kuchitika pa shelefu ya tsikulo, osati ya m'mutu.

Choyamba, chithunzicho chikhale chowerengeka

Wojambula aime moyang'anizana ndi shelefu, osati chammbali, kuti timapepala ta mitengo tisabisane. Chithunzi chitenge shelefu yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Izi n'zofunika chifukwa eni sitolo amakonda kuika katundu amene akufuna kuti ayende msanga pa mlingo wa maso, pomwe zigubu zikuluzikulu ndi mitundu yosatchuka kwenikweni imakhala pansi, pafupi ndi mapazi. Mukajambula pakati pokha, mwina wotchipayo mwamusiya kunja kwa chithunzi.

Mabotolo ena amakhala atatembenuka. Atembenuzeni kuti nambala ya kukula kwake ioneke. Ngati magetsi a m'sitolo akunyezimira pa kapepala ka mtengo, sunthani pang'ono n'kujambulanso. Dziwaninso kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, ndiye timalemba tating'ono timafufutika. Potumiza dinani pomwe palembedwa HD, apo ayi jambulani chithunzi chachiwiri chapafupi cha mzere wa mitengo wokha. Sitolo zina sizilola kujambula, choncho ndi ulemu kuyamba mwapempha wogwira ntchito amene ali pafupi. Akakana, ingolembani mitengo ndi kukula kwa mabotolo mu uthenga. Masamu ake ndi omwewo.

Chachiwiri, mtengo uliwonse upeze mwini wake

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera m'mbuna. Timangoganiza kuti kapepala komwe kali pansi pa botolo ndi ka botolo lomwelo. Koma ogula anzathu amanyamula katundu n'kumubwezera pena, ogwira ntchito nawonso amasuntha mabotolo pofuna kutseka mpata pomwe katundu watha. Zikatero botolo la malita awiri limapezeka litakhala pamwamba pa mtengo wa lita imodzi.

Kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri n'kuwerenga timalemba tomwe tili pa kapepalako. M'masitolo akuluakulu kapepala kamakhala ndi dzina la katundu ndi kukula kwake, monga 750 ml kapena 2 L. Zonse ziwiri zigwirizane ndi zomwe zalembedwa pa botolo. Mukaona mtengo wotsika modabwitsa, musasangalale msanga. Kawirikawiri kapepalako ndi ka katundu wina. Botolo lomwe mtengo wake simukuupeza, lisiyeni kaye pambali mpaka amene ali m'sitolo afunse. Paja safunsa anadya phula.

Mukatero lembani papepala mzere umodzi pa botolo lililonse: mtundu, kukula, mtengo.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kuti chithunzi chomwe mwalandira chili ndi mafuta a mitundu isanu. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza kuti tione njira yake. Inu mudzagwiritse ntchito yomwe ili pa chithunzi chanu.

Botolo la chitsekerero chachikasu, 500 ml, K4,200.
Botolo lalitali la chitsekerero chofiira, 750 ml, K6,000.
Botolo la chitsekerero chobiriwira, lita imodzi, K7,800.
Botolo la mtundu wotchuka, malita awiri, K16,400, ndipo pali kapepala kofiira kakuti mtengo watsika kuchoka pa K17,500.
Chigubu cha malita asanu chomwe chili pansi penipeni, K36,500.

Chofunika kukumbukira n'chimodzi: lita imodzi ndi 1,000 ml. Tsono funso pa botolo lililonse ndi lakuti, mafuta amenewa nditagula lita yathunthu, ndingalipire zingati?

La 500 ml ndi theka la lita. Kuti lita ikwane pafunika awiri, ndiye K4,200 kuchulukitsa kawiri ndi K8,400.

La 750 ml ndi lomwe limasokoneza. Ligaweni m'magawo atatu a 250 ml, poti lita ili ndi magawo anayi otere. K6,000 kugawa patatu ndi K2,000, kuchulukitsa kanayi ndi K8,000.

La lita imodzi palibe chowerengera, ndi K7,800.

La malita awiri, gawani pakati: K16,400 ikupereka K8,200 pa lita.

Chigubu cha malita asanu, K36,500 kugawa pasanu ndi K7,300 pa lita.

Ngati masamu a m'mutu akuvuta, kakyuleta ya pa foni ilipo. Lembani mtengo, gawani ndi nambala ya ml, kenako chulukitsani ndi 1,000. Pa botolo lofiira lija mulemba 6000 ÷ 750 × 1000, ndipo yankho libwera 8000.

Taonani tsopano momwe mndandanda wasinthira. Wotchipa ndi chigubu pa K7,300, kutsatira la lita imodzi pa K7,800, kenako la 750 ml pa K8,000, la malita awiri pa K8,200, ndipo wodula kuposa onse ndi kabotolo ka K4,200 kaja, komwe poyamba kamaoneka ngati kachifundo.

Zomwe masamuwa atiululira

Choyamba ndi botolo lalitali lija. Pa chithunzi laima msinkhu umodzi ndi la lita imodzi, ndipo munthu wongoyang'ana anganene kuti ndi ofanana koma lina latchipa ndi K1,800. Chonsecho ndi lowonda, ndipo muli mafuta ochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Maso amaona kutalika, saona mimba ya botolo kapena dzenje lomwe lili kunsi kwake. Musayeze botolo ndi maso, werengani nambala.

Chachiwiri ndi kapepala kofiira. N'zoona mtengo watsika ndi K1,100, koma kutsikako ndi poyerekeza ndi mtengo wake womwe wakale, osati ndi anzake a pa shelefu. Mabotolo awiri a lita imodzi akukwana K15,600, pomwe botolo limodzi la malita awiri ndi K16,400. Mafuta ndi ochuluka chimodzimodzi, koma mukatenga awiri aja mutsala ndi K800 m'thumba. Ndiye mawu aja akuti chachikulu chimatchipa nthawi zonse si oona. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Chimodzimodzi mukapeza botolo lomangiriridwa kamphatso, monga sipuni kapena kasopo. Dzifunseni ngati kamphatsoko mukanakagula ndi ndalama zanu. Ngati simukanakagula, kaiwaleni powerengera. Ngati mukanakagula, chotsani mtengo wake pa mtengo wa botolo, kenako gawani monga mwa nthawi zonse.

Chachitatu ndi kabotolo kakang'ono. Banja lomwe limatha malita awiri pamwezi, likamagula ka 500 ml sabata iliyonse, limalipira K16,800 pamwezi. Likanagula a lita imodzi awiri likanalipira K15,600. Kusiyana kwake ndi K1,200, ndalama yooneka yochepa. Koma mitengo itakhala pomwepo chaka chonse, imeneyo ndi K14,400, pafupifupi mafuta a mwezi wathunthu. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ngakhale pa kutaya.

Ndiye titenge chigubu basi?

Dikirani kaye. Masamu atiuza wotchipa pa lita, koma sanatiuze zomwe zili m'thumba mwanu. Chigubu chija chikufuna K36,500 lero lomwe. Poyerekeza ndi kugula mabotolo asanu a lita imodzi, omwe ndi K39,000, mupulumutsa K2,500. Ngati bambo apita ndi K60,000 yoti igule mafuta, shuga, sopo, mchere ndi matewera a mwana, chigubu chidya yoposa theka. Kenako pakati pa mwezi mudzapezeka mukugula sopo ndi shuga wapang'onopang'ono pa okala, pa mtengo wokwera, kapenanso kukongola. K2,500 munapulumutsa ija idzathera komweko. Pamenepa chanzeru ndi mabotolo awiri a lita imodzi.

Ganiziraninso za nthawi. Banja la malita awiri pamwezi litenga miyezi iwiri ndi theka kuti limalize chigubucho. Mafuta otsegula sagwirizana ndi dzuwa, kutentha ndi mpweya. Akakhalitsa pafupi ndi mbaula kapena pawindo amayamba kafungo koipa ndipo ndiwo zake zimamveka kuwawira. Vitamini A yemwe amathiridwa m'mafutamo amachepanso mphamvu akamaombedwa ndi kuwala. Mukagula chigubu, chisungeni chotseka bwino pamalo pozizira ndi pamdima, n'kumapungulira m'botolo laling'ono louma bwino loti muzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Kupungulirako kuli ndi phindu linanso. Amayi ambiri amadziwa kuti mafuta akakhala ambiri pakhomo, dzanja limalemera pothira. Wothira kuchokera m'chigubu chenicheni amathira ochuluka kusiyana ndi wothira kuchokera m'kabotolo. Malita asanu akatha m'miyezi iwiri m'malo mwa miyezi iwiri ndi theka, ndiye kuti mukuwononga K18,250 pamwezi, kuposa K15,600 ija. Chigubu chotchipa chasanduka chodula, osati chifukwa cha sitolo koma chifukwa cha m'khitchini.

Njira ina yabwino ndi kugawana. Inu ndi achemwali anu kapena anzanu oyandikana nawo nyumba mukasonkha K18,250 aliyense, mupeza malita awiri ndi theka pa mtengo wa chigubu, popanda wina kumanga ndalama zambiri. Pogawana gwiritsani ntchito botolo lomwe kukula kwake mukukudziwa, kuti chibale chisathere pa mafuta.

Ndipo ngati chithunzicho wakutumizirani ndi mnzanu amene ali ku sitolo ya kutauni, inu muli ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, onjezerani ndalama ya minibasi kapena kabaza, kupita ndi kubwerera. Kukwera galimoto pofuna kukapulumutsa K800 n'kutaya ndalama, pokhapokha ngati muli kale ndi ulendo wa komweko. Funsaninso kuti chithunzicho chinajambulidwa liti. Cha sabata yatha chikhoza kukhala ndi mitengo yomwe inachotsedwa kale.

Zomwe chithunzi sichingakuuzeni

Chithunzi cha shelefu chimaonetsa nkhope ya botolo yokha. Mukasankha awiri omwe apambana pa masamu, muuzeni amene ali m'sitolo kuti awanyamule m'manja, aone zinthu zinayi.

Aone tsiku lothera mphamvu, lomwe kawirikawiri limadindidwa pakhosi pa botolo kapena pa chitsekerero, pafupi ndi zilembo za BB kapena EXP. Nthawi zina katundu amatsitsidwa mtengo chifukwa tsikulo layandikira. Lita imodzi yomwe yatsala ndi mwezi umodzi mukhoza kuimaliza bwinobwino, koma chigubu cha malita asanu ayi.

Aone chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ndi ubwino wa katundu la MBS, makamaka pa mafuta opangidwa konkuno. Aonenso ngati palembedwa kuti muli vitamini A, poti malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira ogulitsidwa m'masitolo akhale othiridwa vitaminiyu. Kwa banja lomwe lili ndi ana aang'ono, botolo lopanda zimenezi silotchipa ngakhale litatsika ndi K500. Pomaliza aone ngati chitsekerero chili chomata, chosatsegulidwapo, ndiponso ngati botolo silikudontha.

Palinso nkhani ya mtundu wa mafutawo. Ena ndi a mpendadzuwa, ena a soya, ena a zipatso za kanjedza, ena ndi osakaniza. Si zachilendo kupeza a mpendadzuwa ali okwererapo mtengo. Ngati kwanu mumafuna a mpendadzuwa okhaokha, fananizani a mpendadzuwa ndi a mpendadzuwa anzake. Ngati mulibe nazo kanthu, onse alowe mu mpikisano umodzi. Dziwaninso kuti mafuta okhala ndi a kanjedza amachita mbuu kapena kugwirana kunsi kwa botolo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Sikuti aonongeka, akatenthedwa amasungunuka. Musakane botolo lotchipa chifukwa pa chithunzi likuoneka lotuwa.

Nanga mtundu womwe simunaugwiritsepo ntchito ukapambana? Musayambe ndi chigubu. Gulani botolo laling'ono kaye, muone ngati sakuchita thovu kapena kufuka msanga pokazinga, ndiponso ngati a pabanja akukondwa ndi kakomedwe kake. Akakhoza mayeso, mwezi wamawa mugule lalikulu.

Njira yomweyi pa sopo ndi matewera

Mukazolowera pa mafuta, mashelefu enawo savuta. Chomwe chimasintha ndi muyezo wokha. Pa shuga, mpunga ndi sopo waufa, werengerani mtengo wa kilogalamu imodzi, yomwe ndi 1,000 g. Chenjerani ndi mapaketi a 900 g kapena 800 g omwe amaoneka ngati a kilogalamu. Pa sopo wochapira wa mtanda, gawani mtengo ndi kulemera kwake komwe kwalembedwa pa chikutiro, poti mitanda yofanana kutalika imasiyana kunenepa.

Pa matewera otaya, muyezo ndi thewera limodzi. Paketi ya K18,000 yokhala ndi matewera 40 ikutanthauza K450 lililonse, pomwe ya K15,500 yokhala ndi 31 ikutanthauza K500. Koma fananizani a saizi imodzi, chifukwa saizi ikamakula nambala ya matewera m'paketi imachepa ngakhale paketi ikuoneka yomweyo. Ndipo musaunjike mapaketi ambiri a saizi yomwe mwana watsala pang'ono kuipitirira. Thewera lotchipa koma lodontha, loti mumusinthe mwana kawiri usiku umodzi, mtengo wake weniweni ndi wa matewera awiri.

Pomaliza penipeni ndi polipirira

Masamu onsewa aima pa mtengo wa pa shelefu. Koma zimachitika kuti kapepala ka pa shelefu n'kakale pomwe makina a polipirira ali ndi mtengo watsopano. Choncho wolipira ayang'ane nambala yomwe ikutuluka katundu akamadutsa pa makina, ndipo awerenge lisiti asanatuluke pakhomo la sitolo.

Apa chithunzi chija chimagwiranso ntchito yachiwiri. Mtengo ukasiyana, onetsani chithunzicho mwaulemu n'kupempha kuti aitane woyang'anira sitolo. Ngati la K7,800 lija latuluka K8,500, ndiye kuti silikupambananso la 750 ml kapena la malita awiri, ndipo mukhoza kulisiya n'kukatenga lina musanalipire. Ngati nkhani yakanika kutha pomwepo, sungani lisiti ndi chithunzi. Bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo otere, ndipo liliponso bungwe loimira anthu ogula la CAMA.

Mawu kwa awiri inu

Nkhani zambiri za "munagula zodula bwanji" zimayamba chifukwa wina anasankha yekha ndi maso, winayo n'kudzaweruza katundu atafika kale pakhomo. Gwirizanani musananyamuke kuti mafuta akufunika malita angati mwezi uno ndipo ndalama yake isapitirire pati. Chithunzi chikabwera, amene ali kunyumba ndiye ali ndi mpata wogwira pensulo, poti mnzakeyo ali pakati pa chigulu, dengu lili m'manja. Yankho lake likhale lomveka, lotchula mtundu, kukula ndi nambala: "Tengani obiriwirawo a lita imodzi, awiri, akwane K15,600. Muone deti ndi chitsekerero. Akakhala kuti polipirira akwera, mundiimbire musanalipire."

Pepala lomwe mwawerengerapo musataye. Lembanipo tsiku n'kulisunga pamodzi ndi lisiti. Mwezi wamawa chithunzi china chikadzabwera, mudzaona msanga botolo lomwe lakwera mtengo, komanso lomwe mtengo wake uli pomwepo koma lachepa kukula.